Za Thanki Imodzi Imene Inabala Mayankho Atatu

Ndifuna kukusimbirani cholakwa changa, chimene ndinachita osati ndi ndodo kapena ndi lilime laukali, koma ndi cholembera, pa pepala loyera, mtima wanga uli wokondwa poyesa kuti ndathandiza anthu. Ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya ntchito zamanja, kumene tinkaphunzitsa kuyala mapaipi, kumanga mathanki ndi kusamala mapampu a madzi. Pakati pa ophunzira athu panali anyamata otuluka kumene m'sukulu, ndiponso panali amuna aakulu amene anagwira ntchitoyo zaka zambiri ndi manja awo, koma analibe chikalata chowachitira umboni. Amunawa akadakumangirani thanki yosadontha, koma Chingerezi cha pa pepala la mayeso chinkawamanga miyendo. Chifukwa chake mkulu wa sukulu analamula kuti mafunso a mayeso athu a kumapeto kwa chaka alembedwe m'zinenero ziwiri, Chingerezi kumanzere ndi Chichewa kumanja, nandipatsa ine ntchito ya kumasulira.

Ndinailandira mopepuka. Ndinati mumtima mwanga, Chichewa ndinachiyamwira, Chingerezi ndinachiphunzira, masamu ndiwadziwa, chovuta n'chiyani? Tsono ndinakhala pansi madzulo amodzi ndi kumasulira mafunso onse, ndipo m'mawa mwake ndinawapereka kuti asindikizidwe, osaonetsa munthu wina aliyense.

Funso limene linandigwetsa linali la thanki ndi pampu. M'Chingerezi linanena za thanki yobulungira ngati mgolo woimirira, ndipo linatchula dayamita yake ya m'kati, kuya kwa madzi, msinkhu umene pampu inakweza madziwo, ndi nthawi imene inatha. Ine ndinalilemba motere:

"Thanki yozungulira ndi yaikulu 2 m, ndipo madzi ali m'menemo afika 1.5 m. Pampu inakweza madziwo kutalika kwa 10 m pa mphindi 20. (a) Pezani kuchuluka kwa madzi. (b) Pezani kulemera kwa madziwo. (c) Pezani mphamvu ya pampu. Tengani π = 3.14 ndi g = 10 m/s²; 1 m³ ya madzi ndi 1000 kg."

Muwerengenso kachiwiri, ndipo mudzaona kuti Chichewa chake chilibe banga. Chimveka bwino pakamwa, ndipo palibe nambala imene ndinaisintha. Komatu ndinasiya maenje anayi m'mizere yochepa imeneyi, ndipo anthu anagweramo.

Mayeso atatha ndinasenza mapepala kunka nawo kunyumba, ndi kuyamba kuwachonga usiku. Pa gawo loyamba ndinayembekeza yankho limodzi. Dayamita ndiwo mzere wowongoka wochokera ku khoma la thanki, wopyola pakati penipeni, kufika ku khoma la tsidya linalo. Ukakhala 2 m, theka lake, limene litchedwa rediyasi, ndilo 1 m. Lamulo la kupezera malo a m'kati mwa mgolo ndi ili:

V = πr²h

Tikaikamo manambala athu tipeza 3.14 × 1 × 1 × 1.5, ndiwo 4.71 m³, kapena malita 4710, pakuti 1 m³ ndiyo malita 1000. Ambiri analemba chomwecho, ndipo ndinakondwera. Koma nditatsegula mapepala ena ndinapeza 18.84 m³, ndipo nditapitirira ndinapezanso ena atalemba 0.48 m³. Thanki imodzi inabala mayankho atatu, ndipo lalikulu linaposa laling'ono pafupifupi ka 40.

Ndinayamba kulondola mapazi awo mzere ndi mzere. Iwo a 18.84 anatenga 2 m ija naiyesa rediyasi, nawerenga 3.14 × 2 × 2 × 1.5. Popeza rediyasi ichulukitsidwa ndi iyo yokha, kuiwirikiza kawiri kubala madzi ochuluka kanayi. Iwo a 0.48 anachita china chimene sindinachiganizire konse. Anamva mawu akuti "yozungulira" ndi "yaikulu" ali pamodzi, nayesa kuti 2 m ndiwo muyeso wa chingwe chokulunga thanki yonse, monga tiyesera thunthu la mtengo kapena chiuno cha munthu. Tsono anagawa 2 ndi 6.28, napeza rediyasi ya 0.318 m, nawerenga bwino lomwe kufikira kumapeto. Masamu awo analibe chilema. Anayankha molungama funso limene ine ndinawafunsa, ngakhale silinali funso limene ndinafuna kuwafunsa.

Pamenepo ndinaika cholembera pansi, pakuti ndinazindikira chinthu chowawa. Kapena ena mwa iwo a 18.84 sadziwa ndithu kusiyanitsa dayamita ndi rediyasi, ndipo anayenera kulephera. Kapena adziwa bwino, koma mawu anga sanawauze muyeso umene ndinapereka. Ine sindikadatha kuwalekanitsa. Mayeso aikidwa kuti aonetse chimene wophunzira adziwa ndi chimene sadziwa. Funso likakhala la nkhope ziwiri, cholakwa cha wophunzira ndi cholakwa cha womasulira zisanganikirana pa pepala limodzi ngati mchenga ndi ufa, ndipo wochonga alibe chosefera.

Gwero la tsokali linali mawu aja akuti "yaikulu". Pa msika mawuwa atikwanira, chifukwa chinthucho chili pamaso pathu ndipo dzanja liloza. Pa pepala la mayeso palibe dzanja loloza. Kukula kwa thanki kungakhale kupingasa kwake, kuzungulira kwake, malo amene yakhalapo pansi, kapena madzi amene ingasunge. Ndiponso ndinataya liwu limodzi la Chingerezi limene ndinaliyesa lopanda ntchito, lija lonena kuti muyesowo ndi wa m'kati. Mmisiri aliyense adziwa kuti thanki ya njerwa ili ndi khoma. Khomalo likakhala lochindikala 0.2 m, ndipo 2 m yayesedwa kunja, m'kati mutsala 1.6 m yokha, ndipo madzi akhala 3.01 m³. Palibe amene anagwa m'dzenje limeneli tsiku lija, koma linali lotseguka.

Gawo lachiwiri linandionetsa vuto la mtundu wina. Ife tili ndi liwu limodzi, "kulemera", pamene akatswiri a makina ali ndi zinthu ziwiri zimene azisiyanitsa mosamala. Choyamba ndicho kuchuluka kwa chinthu chenichenicho, kumene kuyesedwa m'makilogalamu, ndipo sikusintha ngakhale mutanka nacho kumwezi. M'kalasi tikutcha masi. Chachiwiri ndicho kukoka kumene dziko likokera chinthucho pansi, kumene kuyesedwa m'manyutoni. Funso la Chingerezi linafuna choyambacho, ndicho 4710 kg. Koma ophunzira ena, amene anamvetsera bwino m'kalasi, anaona g = 10 m/s² italembedwa m'munsi, nati, Aphunzitsi afuna kulemera kwenikweni; nachulukitsa 4710 ndi 10, nalemba 47 100 N. Onani kuti amene anapunthwa pano sanali aulesi ayi, koma iwo amene anadziwa kuti zinthuzo ndi ziwiri. Wosadziwa anadutsa osaona dzenje. Wodziwa anaima, nasankha, ndipo ena anasankha njira imene ine sindinaiyembekeze.

Gawo lachitatu linaposa onse. Liwu lakuti "mphamvu" lisenza katundu wambiri m'chinenero chathu. Tinena mphamvu ya ng'ombe, mphamvu ya magetsi, mphamvu ya simenti, mphamvu ya mfumu. M'funso ili lokha munali zinthu zitatu zoyenera dzinalo. Pali kukankha kumene kufunika kuti madzi anyamuke, ndiko 47 100 N kuja. Pali ntchito yonse imene yagwiridwa powakweza, imene ipezeka pochulukitsa kukankhako ndi msinkhu wa 10 m, ndiyo 471 000 J, ndiko kunena majulo. Ndipo pali liwiro limene ntchitoyo yagwiridwa nalo, ndiyo ntchito ya pa sekondi iliyonse, imene iyesedwa m'mawati. Mphindi 20 ndiwo masekondi 1200, ndipo 471 000 kugawa ndi 1200 kubala 392.5 W. Ili ndilo yankho limene pepala langa la mayankho linafuna. Koma ena analekeza pa majulo, nalemba mzere kunsi kwake monga munthu amene watsiriza, ndipo sindikadatha kunena kuti sanapeze "mphamvu".

Zonsezi ndinaziona usiku womwewo, ndipo ndinavutika nazo. Koma ndivomere kuti ndinayesa kudzitonthoza. Ndinati, Chingerezi chinali pomwepo kumanzere, akadayang'ana. Sindinafune kukumbukira kuti tinalemba Chichewacho chifukwa cha anthu amene Chingerezi chiwavuta. Ndinachonga monga mwa pepala la mayankho, ndi kupereka malikisi.

Chimene chinandidzutsa ndi munthu mmodzi. Anali bambo wa imvi zoyamba, amene anabadwira ndi kuphunzira sukulu yake yoyamba ku Angoniya, m'chigawo cha Tete ku Mozambiki, nabwera kuno ali mnyamata. Analephera ndi malikisi ochepa, ndipo ntchito imene anailonjezedwa, ya kuyang'anira mapampu a pa munda wina wothirira, inadikira chikalata chimenecho. Anafika pakhomo panga Loweruka m'mawa, chipewa chili m'manja, nakhala pa mpando umene ndinampatsa, ndipo titalonjerana anati, "Pepani Aphunzitsi, sindinabwere kudzatsutsana nanu. Ndingofuna mundionetse pamene ndinalakwa pa funso la thanki, kuti ndikadziwe."

Ndinatulutsa pepala lake. Pa gawo loyamba analemba 4,710 m³, ndipo ine ndinapakhwatcha ndi inki yofiira, ndi kulemba pambali kuti thanki yotere ikadakhala dziwe. Ndinati, "Bambo, taonani, mwalemba mamita zikwi zinayi ndi mazana asanu ndi awiri ndi khumi. Mwasokoneza malita ndi mamita." Iye anayang'ana nthawi, nati mofatsa, "Iyayi Aphunzitsi, apa ndalemba zinayi ndi kachidutswa. Kwathu anatiphunzitsa kulemba chomwechi."

Ndipo ananena zoona. M'Chipwitikizi, monganso m'Chifalansa ndi m'sukulu za ku South Africa, chizindikiro cholekanitsa nambala yathunthu ndi zidutswa zake ndicho mpatuliro, kamchira kaja, pamene ife amene tinaphunzira mwa Chingerezi tiika kadontho, ndi kusungira mpatuliro ntchito ya kulekanitsa zikwi. Chotero 4,710 kwa iye inali 4.710, yankho lolungama ndithu. Ndipo umboni unali pa pepala lomwelo, mizere iwiri kunsi kwake, pamene analemba 4710 kg pa gawo lachiwiri. Munthu woyesa kuti m'thanki muli 4710 m³ akadapeza makilogalamu oposa mamiliyoni anayi. Ndikadawerenga gawo lachiwiri ndisanaweruze loyamba, ndikadaona. Pa gawo lachitatu analekeza pa majulo, ndipo nditamfunsa anati, "Ndinaona mphindi 20 zija, ndipo ndinadabwa kuti zifuna chiyani, koma munati mphamvu, ndipo ndinayesa kuti ndi imeneyi."

Sindinakhale ndi mawu. Munthu wamkulu kwa ine, wodziwa mapampu kuposa ine, anayenda ulendo kudzapempha kuti ndimuonetse cholakwa chake, ndipo cholakwacho chinali changa. Ndinampepesa, ndipo Lolemba ndinanka kwa mkulu wa sukulu ndi mapepala onse, ndi kumuululira zonse. Sikunali kopepuka, pakuti zotsatira zinali zitapachikidwa kale pa khoma. Tinagwirizana kuti funso la thanki lichongedwenso kwa onse, osati kwa iye yekha amene anadandaula, ndi kuti yense amene anawerenga molungama monga mwa tanthauzo lina limene Chichewa changa chinalola alandire malikisi ake. Bambo uja anakhoza, pamodzi ndi ena angapo. Komabe ndidziwa kuti mwa njira imeneyi tinakhozetsa mwina ndi ena amene sanadziwe kusiyanitsa dayamita ndi rediyasi, ndipo ameneyo ndiye mtengo umene tinalipira chifukwa cha liwiro langa.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kagwiridwe kanga, ndipo ndikuuzeni m'mene ndichitira, kuti wina amene adzapatsidwa ntchito yomweyi asadzayambire pamene ndinayambira ine.

Ndisanamasulire liwu ndi limodzi lomwe, ndiyamba ndaliwerengera funsolo ndekha kufikira yankho lake. Pochita ichi ndidziwa ntchito ya nambala iliyonse, ndi liwu limene nambalayo yatsamirapo. Ndikadatero poyamba paja, ndikadaona kuti 2 m iyenera kugawidwa pakati isanalowe m'lamulo, ndi kuti wophunzira sangadziwe kuigawa ngati sindimuuza kuti ndi dayamita. Mawu onse amene asenza nambala, monga lija lakuti "m'kati", ndiwalemba mzere kunsi, ndipo potsiriza ndiwerenga ngati onse aoloka kufika m'Chichewa.

Manambala, zizindikiro za miyeso ndi malamulo a masamu sindiwamasulira konse. Ndiwasamutsa monga ali, ndipo pepala likabwera kuchokera kwa wotayipa ndiliyerekeza ndi loyamba nambala ndi nambala, chala chili pa mzere. Pakuti makina olembera ataya msanga tinambala tating'ono ta pamwamba, ndipo m³ isanduka m3 kapena m yokha. Ndiponso chilembo chachikulu ndi chaching'ono sizili chimodzi, popeza mW ndi kachigawo kamodzi mwa magawo 1000 a wati, pamene MW ndi mawati miliyoni. Za mpatuliro uja, ndinapeza kuti anthu a miyeso anaikonza kale nkhaniyi. Msonkhano waukulu wa maiko wa za miyeso, umene ukumana ku Falansa, unanena mu 1948, nubwerezanso mu 2003, kuti manambala aatali akhoza kugawidwa atatuatatu ndi kampata, koma pa mipatayo pasaikidwe kadontho kapena mpatuliro. Ndipo mu 2003 unavomereza kuti cholekanitsa zidutswa chikhale kadontho kapena mpatuliro, monga mwa chizolowezi cha chinenerocho. Chifukwa chake ndilemba 47 100 N, ndipo pamutu pa pepala ndiika chiganizo chimodzi chonena kuti m'mayeso ano kadontho ndiko kalekanitsa zidutswa, ndi chitsanzo chake.

Pa mawu a luso, monga dayamita, masi ndi pawa, ndinaleka kufunafuna liwu lokoma la Chichewa loti liime m'malo mwake. Ndinazindikira kuti tsiku la mayeso si tsiku la kubatiza mawu atsopano. Wophunzira akumane pa pepala ndi liwu lomwelo limene analimva m'kalasi chaka chonse, ndipo liwu limodzi likhale ndi tanthauzo limodzi kuyambira funso loyamba kufikira lotsiriza. Polemba nkhani tipewa kubwereza liwu, ndipo tisinthasintha kuti zikome. Polemba mayeso kusinthako ndi msampha, chifukwa wophunzira woganiza ayesa kuti liwu latsopano liloza chinthu chatsopano. Tsono pa chiyambi cha chaka tigwirizana aphunzitsi tonse kandandanda ka mawu amenewa, ndi kuphunzitsa nawo.

Koma pano pali dzenje la tsidya linalo, ndipo ndinatsala pang'ono kugwamo pothawa loyamba. Pofuna kumveketsa, ndinalemba nthawi ina kuti "dayamita, ndiko kunena kawiri rediyasi". Mnzanga wina anandiletsa, nati, "Achimwene, apa simunamasulire, mwayankha." Ndipo analondola. Ngati funso liyesa kuona ngati wophunzira adziwa kuti rediyasi ndi theka la dayamita, ndiye kuti wowerenga Chichewa walandira mphatso imene wowerenga Chingerezi sanailandire. Womasulira asalemetse funso, ndipo asalipeputse. Chomwechonso ndi kutchula muyeso wa yankho. Kunena kuti "perekani yankho m'mawati" kutseka khomo la majulo ndi manyutoni, ndipo ndi mankhwala abwino a liwu lija "mphamvu". Koma kuuzanso wophunzira chinthu chimene mwina woyesa anafuna kuti achidziwe yekha. Chifukwa chake sindiwonjeza mawu otere mwa ine ndekha. Ndinka kwa iye amene analemba funsolo, ndipo akavomera tiwaika m'zinenero zonse ziwiri, kuti mbali ziwiri za pepala zilemere chimodzimodzi.

Chotsiriza ndicho chimene ndinachinyoza poyamba, ndipo tsopano ndichiyesa chachikulu koposa. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ndikatha kumasulira, ndipereka Chichewa chokha kwa mphunzitsi mnzanga amene sanaone Chingerezicho, ndipo sindimpempha kuti andiuze ngati chikoma, koma kuti akhale pansi aliwerengere ngati wophunzira. Yankho lake likasiyana ndi la pa pepala la mayankho, kapena akaima ndi kufunsa kuti, Kodi apa mutanthauza chiyani, ndidziwa kuti pamenepo pali dzenje. Ndimpemphanso kuti achite ngati munthu wamakani, afunefune dala tanthauzo lachiwiri la chiganizo chilichonse. Mwa njira imeneyi tinapeza dzenje lachinayi la funso la thanki, limene ine sindinalione ngakhale pochonganso. Iye anafunsa, "Kutalika kwa 10 m kumeneku n'kwa paipi, kapena n'kwa kukwera?" Pakuti "kutalika" kwathu kunena za msewu ndi za mtengo womwe. Paipi ya 10 m yogona pa mtunda wotsetsereka pang'ono ingakweze madzi 2 m yokha, ndipo lamulo la ntchito lifuna msinkhu woimirira, osati utali wa paipi.

Funso lija, titalikonza pamodzi ndi mwini wake, linakhala lotere:

"Thanki ya madzi ndi yobulungira ngati mgolo woimirira. Dayamita yake ya m'kati ndi 2 m. Madzi ali m'thankimo ndi akuya 1.5 m. Pampu inakweza madzi onsewo msinkhu wa 10 m, poyesa choimirira kuchokera pamwamba pa madzi a m'chitsime kufika pakamwa pa paipi yothira m'thanki, ndipo inatha mphindi 20. Madzi a m'chitsime sanatsike, ndipo musawerengere zotayika m'paipi ndi m'pampu. (a) Pezani voliyumu ya madziwo mu m³. (b) Pezani masi ya madziwo mu kg. (c) Pezani pawa imene pampu inapereka ku madziwo mu W. Tengani π = 3.14 ndi g = 10 m/s²; 1 m³ ya madzi ili ndi masi ya 1000 kg."

Ndivomera kuti loyamba lija linali lokoma kuposa ili. Ili n'lalitali, ziganizo zake n'zazifupi ndi zouma, chilichonse chisenza muyeso umodzi, ndipo mawu obwereka aima poyera ngati zigamba pa malaya. Munthu wokonda chinenero chathu angamve chisoni poliwerenga, ndipo inenso ndili nacho chisoni chimenecho. Ndikhumba tsiku limene aphunzitsi ndi akatswiri adzagwirizana mawu athuathu a zinthu izi, nadzawaphunzitsa kuyambira m'makalasi oyamba, kufikira atazolowereka. Koma mawu otere ayenera kubadwira m'kalasi ndi m'mabuku, kumene wophunzira akhoza kukweza dzanja nafunsa. M'chipinda cha mayeso munthu ali yekha, wotchi ili kuyenda, ndipo saloledwa kufunsa kanthu. Kumeneko ndisankha chiganizo chouma chimene chili ndi khomo limodzi.

Bambo uja ndinakumana naye patapita nthawi, pa sitolo ya zitsulo, ali kugula mphira za pampu. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, nandiuza kuti tsopano polemba m'buku la ku ntchito aika kadontho, koma dzanja lake nthawi zina liiwala, nilikoka kamchira. Ndinamuuza kuti inenso dzanja langa likali kufuna kulemba "yaikulu", ndi kuti chifukwa cha iye sindiperekanso pepala kwa wosindikiza munthu wachiwiri asanaliwerengere.